Kupempha makina kuti ayankhe m'Chichewa: kalembedwe ka langizo ndi kayesedwe ka yankho

Mapulogalamu ocheza ndi anthu, monga ChatGPT, Gemini, Claude ndi Meta AI, ndi makina a pa intaneti omwe munthu amawalembera funso kapena pempho, iwo n'kubweza yankho m'ziganizo zooneka ngati zalembedwa ndi munthu. Adatchuka kuyambira mu Novembala 2022, pomwe kampani ya OpenAI idatulutsa ChatGPT. Ambiri mwa makinawa amatha kuyankha m'Chichewa akapemphedwa kutero, choncho munthu angathe kuwalembetsa kalata, chidziwitso cha ku mpingo, mawu otsatsira malonda kapena uthenga wopita kumudzi.

Komatu kuyankha m'Chichewa sikutanthauza kuti Chichewacho n'choyenera kutumizidwa. Yankho la makina limabwera mwachangu, lili m'ndime zooneka bwino, ndipo maso amangotsetsereka pamwamba pake. Zolakwika zake zimabisala m'timagawo ting'onoting'ono ta mawu, makamaka tomwe timagwirizanitsa dzina ndi mneni komanso tomwe timanyamula ulemu. Timagawo timeneti n'tomwe wolandira uthenga amayamba kumva.

Gwero la zolakwika

Makinawa saphunzitsidwa malamulo a chiyankhulo monga achitira mwana wa sukulu. Amadyetsedwa zolembedwa zochuluka zedi, ndipo kuchokera m'zolembedwazo amazolowera kulosera kachidutswa ka mawu komwe kangatsatire pa mawu omwe alembedwa kale. Chiyankhulo chomwe chili ndi zolembedwa zambiri pa intaneti amachidziwa bwino, pomwe chokhala ndi zolembedwa zochepa amachigwira mwapatalipatali. Chichewa chili m'gulu lachiwirili. Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni, pomwe ya Chichewa ndi yaing'ono kwambiri mwakuti siingayerekezedwe n'komwe ndi inzakeyo.

Kuchepa si vuto lokhalo. Mbali yaikulu ya Chichewa cha pa intaneti ndi yomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi: Baibulo, mabuku a mipingo, malipoti a mabungwe ndi mauthenga a zaumoyo. Kuyambira mu 2014, pomwe Google Translate idayamba kumasulira Chichewa, kwachulukanso masamba omasuliridwa ndi makina popanda munthu wowakonza. Zotsatira zake n'zakuti makina ocheza amakonda kulemba Chichewa chokhala ndi mafupa a Chingerezi, ndipo nthawi zina kamvekedwe kake kamakhala ka ulaliki ngakhale nkhani ili ya mtengo wa feteleza. Zolembedwa za ku Malawi ndi za ku Zambia nazonso kawirikawiri zimaikidwa m'dengu limodzi, pansi pa chizindikiro cha `ny` kapena dzina la Chinyanja, kotero yankho limodzi limatha kusakaniza kalembedwe ka maiko awiriwa.

Palinso kamangidwe ka mawu. Liwu limodzi la Chichewa limanyamula zomwe Chingerezi chimanena m'mawu asanu kapena kuposerapo. Mu "sitidzawalembera" muli si- wokana, -ti- woimira ochita, -dza- wa nthawi yam'tsogolo, -wa- woimira olemberedwa, tsinde la kulemba, ndi -er- wosonyeza kuchitira wina. Makina akaphonya kachigawo kamodzi, liwu limamvekabe la Chichewa, koma likunena zina. "Sitidzakulembera" ndi liwu lolondola m'malamulo, komabe lasintha wolemberedwa ndipo lachotsa ulemu.

Kalembedwe ka langizo

Mawu omwe munthu amalembera makina pofuna kuti achite kanthu amatchedwa langizo. Langizo lalifupi monga "yankha m'Chichewa" limasiyira makina zisankho zonse: Chichewa cha kuti, cholankhula ndi yani, cha ulemu wotani. Makina akasiyidwa choncho amasankha zomwe adazolowera, zomwe kawirikawiri ndi chiganizo cha Chingerezi chovekedwa mawu a Chichewa.

Langizo limagwira bwino likalembedwa m'Chichewa kuyambira pa liwu loyamba, chifukwa makina amatsanzira chiyankhulo ndi kalembedwe ka zomwe alandira. Liyenera kutchula kuti likufuna Chichewa cha ku Malawi. Koposa zonse liyenera kufotokoza wolemba, wolandira ndi ubale wawo, popeza m'Chichewa munthu sangamalize chiganizo cholankhula ndi wina asanasankhe pakati pa "iwe" ndi "inu". Chingerezi chilibe chisankho chimenechi, n'chifukwa chake makina amachiiwala.

Chitsanzo choyerekeza chingaunikire bwino. Bambo wina wogwira ntchito mumzinda wa Lilongwe wamva kuti malume a mkazi wake amwalira kumudzi ku Dowa. Mkaziyo wanyamuka kale, iye afika mawa, ndipo akufuna kutumiza uthenga wa pafoni kwa apongozi ake aakazi, omwe womwalirayo ndi mlongo wawo. Langizo lokwanira lingakhale lotere:

"Lemba uthenga waufupi wa pafoni m'Chichewa cha ku Malawi, wosapitirira ziganizo zisanu ndi chimodzi. Wolemba ndi mkamwini, wolandira ndi apongozi ake aakazi, mayi achikulire a kumudzi. Womwalira ndi mlongo wa apongoziwo, kutanthauza malume a mkazi wa wolembayo. Gwiritsa ntchito 'inu' paliponse. Usagwiritse ntchito mawu akuti 'kufa'. Nena kuti mwana wawo wanyamuka kale, ndipo wolembayo afika mawa ndi matumba awiri a ufa. Usayambe kulemba m'Chingerezi n'kumasulira, ndipo usaikemo miyambi."

Chiganizo chilichonse m'langizoli chikutseka khomo la cholakwika chodziwika. Malire a kutalika alipo chifukwa zolakwika za mgwirizano zimachuluka pamene ziganizo zikutalika. Ubale wafotokozedwa kuchokera kumbali ziwiri chifukwa mawu a chibale a Chichewa sagwirizana ndi a Chingerezi: Chingerezi chili ndi liwu limodzi la mlongo wa mayi ndi mbale wa bambo, pomwe Chichewa chimasiyanitsa malume ndi bambo aang'ono kapena aakulu. Miyambi yaletsedwa chifukwa makina amatha kupeka mwambi womveka bwino koma wosadziwika kwa wina aliyense, kapena kutchula mwambi weniweni pamalo posayenera. Maina enieni a anthu ndi manambala a foni sanaikidwemo dala. Zimenezi munthu amaonjezera yekha pomaliza, popeza zomwe walembera makina zimapita kukasungidwa kumakompyuta a kampani.

Njira ina yothandiza ndiyo kuika m'langizo ziganizo ziwiri kapena zitatu za Chichewa chabwino zolembedwa ndi munthu, n'kuuza makina kuti atsate kamvekedwe kake. Chitsanzo chimawatsogolera bwino kuposa mawu ongoti "lemba mwaulemu". Ndipo makina akayamba kubwerera ku Chingerezi m'kati mwa macheza aatali, kuyamba macheza atsopano kumathandiza kuposa kulimbana nawo pomwepo.

Kuyesa malamulo a chiyankhulo

Pofuna kuonetsa zoyenera kufufuza, nachi cholembedwa chopangidwa dala, chomwe chasonkhanitsa pamodzi mitundu ya zolakwika zopezeka m'Chichewa cha makina:

"Wokondedwa apongozi, ndine wachisoni chifukwa cha kutaya kwako. Malume wako anafa dzulo ndipo iye ali munthu wabwino. Ili ndi vuto chachikulu. Mkazi wanga wabwela kale kumeneko. Ndidzabwera mawa ndi matumba ziwiri za ufa."

Woyesa ayenera kuyamba ndi mgwirizano wa maina. Dzina lililonse la Chichewa lili m'gulu lake, monga Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma ndi Ka-Ti, ndipo gululo limalamulira mneni, mfotokozi, nambala ndi mawu olozera. Kayesedwe kake n'kosavuta ngakhale kamafuna kudekha: munthu amaika chala pa dzina, n'kuyang'ana liwu lililonse lomwe likunena za dzinalo. M'cholembedwa chapamwambachi, "matumba" ndi dzina la gulu la Li-Ma, choncho payenera kukhala "matumba awiri a ufa". "Ziwiri" ndi wa mbuzi ndi zipatso. "Vuto" ndi la gulu lomwelo, ndipo mfotokozi wake ndi "lalikulu".

Afotokozi a mtundu umenewu ndi muyeso wabwino chifukwa amagwirizana ndi dzina kawiri m'liwu limodzi: munthu wamkulu, anthu aakulu, chinthu chachikulu, nyumba yaikulu, nyumba zazikulu, kamwana kakang'ono. Makina ofooka amalondola gawo limodzi n'kuphonya linalo. Muyeso winanso ndi mawu a malo, omwe nawonso amalamulira mneni: pamsika pali anthu, kumudzi kuli maliro, m'nyumba muli alendo. Yankho lomwe likuti "kumudzi ali maliro" lagwa pa mayeso.

Zolakwika zoopsa kwambiri ndi zomwe zimasiya chiganizo chili cholondola koma tanthauzo litasintha. Zimenezi zimachitika dzina likatalikirana ndi mneni wake. M'chiganizo chakuti "thumba la ufa lomwe ana a mlongo wanu adabweretsa lanyowa", mneni womaliza akubwerera ku thumba. Makina amatha kukokedwa ndi dzina lapafupi n'kulemba "anyowa", ndipo tsopano onyowa ndi anawo. Woyesa wongosaka mawu achilendo sangachione cholakwika chotere, chifukwa liwu lililonse m'chiganizomo ndi la Chichewa chenicheni.

Pambuyo pa mgwirizano pamabwera aneni. "Iye ali munthu wabwino" m'cholembedwa chija walakwika pawiri: ponena chomwe munthu ali pa nthawi ino Chichewa chimati "ndi munthu wabwino", ndipo ponena za womwalira payenera kukhala "adali munthu wabwino". Msintho wa aneni nawo umafunika diso. Kuphika n'kosiyana ndi kuphikira, kuphikitsa kapena kuphikidwa, ndipo makina amatha kusinthanitsa wochita ndi wochitiridwa. Mayeso achidule omwe amaulula zambiri ndi a liwu la ukwati: mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Chingerezi chili ndi mneni mmodzi wa onse awiri, kotero makina odalira Chingerezi amatha kukwatiritsa mkazi.

Za kalembedwe ka malembo n'zopepukirapo. M'kalembedwe ka ku Malawi r amalembedwa pambuyo pa e ndi i, monga mu "kubwera" ndi "kulira", pomwe l amalembedwa kwina konse, monga mu "kugula". "Wabwela" ndi chizindikiro cha kalembedwe kofala ku Zambia, limodzi ndi c m'malo mwa ch, monga "cakudya". Kumeneku si kulakwa kwa wowerenga wa ku Chipata, koma si zomwe langizo lidapempha. Kusowa kwa h kapena kwa kachizindikiro ka ng' ndiko kumasintha mawu: kuponya si kuphonya, ndipo ng'oma yoimba si ngoma ya m'tchire. Koma "anapita" ndi "adapita" onse ndi ovomerezeka, ndipo kusalemba ŵ si cholakwika, popeza nyuzipepala ndi mabuku ambiri salemba lemboli. Woyesa asataye nthawi pa zimenezi kusiya mgwirizano wosweka.

Pomaliza pali mawu olowerera ndi mawu opeka. Chiswahili, chomwe chili ndi zolembedwa zambiri kuposa Chichewa, chimatha kulowa m'yankho, monganso Chishona, Chitumbuka kapena Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka. Mawu otere mwini chiyankhulo amawazindikira msanga. Ovuta ndi opeka, omwe amamangidwa mwa Chichewa koma kulibe amene amawanena, makamaka pa maina a matenda, mankhwala ndi nkhani za malamulo. Liwu lomwe wowerenga sanalimvepo asalilandire poganiza kuti ndi Chichewa chozama. Alifufuze mu Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies, kapena mu dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi ya Steven Paas, kapena afunse munthu wachikulire.

Kuyesa ulemu ndi kamvekedwe

Cholembedwa chija chitakonzedwa malamulo onse chikhozabe kukhala chosatumizika. "Kutaya kwako" ndi "malume wako" ndi mawu olankhula kwa mwana kapena mnzako wa msinkhu umodzi, ndipo mkamwini kuwanena kwa apongozi ndi mwano. Pa chikhalidwe cha Achewa mkamwini ndi apongozi ake aakazi amapatsana ulemu waukulu ndi kutalikirana, choncho ngakhale "wokondedwa", yemwe makina amamutenga kumayambiriro a makalata a Chingerezi, akudumpha malire. Kungoti "Amayi" n'kokwanira.

Ulemu wa Chichewa suthera pa "inu". Umalowa m'mneni, m'mawu aumwini ndi m'kachigawo koimira wolankhulidwa: mwafika, mwana wanu, ndikukupemphani. Umafikanso kwa munthu yemwe akunenedwa ngakhale palibe, kotero womwalira ndi "amalume" omwe "atisiya", osati "malume" yemwe "wafa". Chizolowezi cha makina ndi kuyamba bwino ndi "inu", kenako n'kuterereka kupita ku "iwe" m'chiganizo chachitatu kapena chachinayi. Choncho woyesa ayenera kuwerenga mpaka kumapeto akuyang'ana zimenezi zokha, ndipo aonetsetse malekezero a mawu olamula: "pepa" ndi "pepani", "bwera" ndi "bwerani". Kwa munthu wamkulu, ngakhale "bwerani" amatha kumveka wolamula, ndipo "tikupempha kuti mubwere" ndiye woyenera.

"Malume wako" walakwikanso ubale. Womwalirayo ndi malume kwa mkazi wa wolemba. Kwa apongozi ndi mlongo wawo. Kulakwitsa ubale pa uthenga wa maliro kumapweteka kuposa kulakwitsa nambala ya matumba, chifukwa kumasonyeza ngati mkamwiniyo sadziwa banja lomwe adakwatiramo.

Kenako pali ziganizo zomwe mawu ake onse ndi a Chichewa koma maganizo ake ndi a kwina. "Ndine wachisoni chifukwa cha kutaya kwanu" ndi chipepeso cha Chingerezi chotembenuzidwa liwu ndi liwu. Pa siwa palibe amene amalankhula choncho. Anthu amati "pepani ndi zovutazi", ndipo imfa imatchulidwa mozungulira: zovuta, kutisiya, kumwalira. Liwu la kufa limasiyidwira ziweto kapena nkhani yonenedwa mosasamala. Funso loyesera ziganizo zotere ndi limodzi: kodi munthu wina adamvekapo akunena zimenezi pa malo oterowo? Ngati yankho ndi ayi, chiganizocho chilembedwenso ngakhale chilibe cholakwika cha malamulo.

Uthenga wokonzedwa ungamveke motere: "Amayi, talandira uthenga wa zovuta zomwe zagwa kumeneko. Pepani kwambiri ndi kutisiya kwa amalume. Mwana wanu wanyamuka kale m'mawa uno, ndipo ine ndifika mawa. Ndibwera ndi matumba awiri a ufa oti athandize pa siwa. Mulungu akutonthozeni." Pano "amalume" walondola, chifukwa mkamwini akuwatchula monga momwe mkazi wake amawatchulira, osati kuwapatsa apongozi ngati malume awo. "Ndifika mawa" ndi wachibadwa kuposa "ndidzabwera mawa" pa ulendo womwe wakonzedwa kale.

Kupitirira muyeso nakonso ndi cholakwika cha kamvekedwe. Makina akauzidwa kuti alembe mwaulemu amatha kuunjika madalitso ndi mawu a m'Baibulo mpaka uthenga wa pafoni kusanduka ulaliki. Chimodzimodzinso, mawu otsatsira malonda kwa achinyamata a ku Ndirande kapena ku Area 25 sayenera kumveka ngati kalata yopita kwa mfumu yaikulu. Ulemu woyenera ndi wofanana ndi wolandirayo.

Njira zomwe sizithandiza poyesa

Anthu ambiri amafunsa makina omwewo ngati Chichewa chomwe alemba chili cholondola. Umboni wotere ndi wofooka. Kusadziwa komwe kudabala cholakwika ndi komwenso kumalepheretsa makina kuchiona, ndipo makinawa amakonda kuvomereza zomwe munthu wanena. Munthu akawauza kuti liwu lolondola ndi lolakwika, amatha kupepesa n'kulisintha kukhala lolakwikadi, kenako n'kupereka lamulo lopeka lofotokozera kusinthako.

Kumasuliranso yankho kubwerera ku Chingerezi nakonso kumanamiza. "Matumba ziwiri" ndi "matumba awiri" amatuluka chimodzimodzi m'Chingerezi, monganso "kwako" ndi "kwanu". Ndipo chiganizo chomwe chidamangidwa pa Chingerezi chimabwerera kwawo mosavuta, n'kuoneka ngati ndicho chabwino kuposa zonse.

Chomwe chimathandiza ndi kuwerenga mokweza. Khutu la mwini chiyankhulo limakana mgwirizano wosweka ngakhale mwiniyo atayiwala maina a magulu omwe adaphunzira kusukulu. Kuwerenga mokweza kumaululanso malo omwe chiganizo chili ndi matanthauzo awiri, popeza Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, zomwe sizilembedwa. "Mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu amalembedwa mofanana, ndipo "sanabwere" angatanthauze kuti munthu sadabwere konse kapena kuti akuyembekezekabe. Pamalo potere pamafunika liwu loonjezera, monga "mpaka pano".

Cholakwika chikapezeka, ndi bwino kuchitchula mwachindunji, chimodzi pa nthawi, monga kuuza makina kuti asinthe "kwako" kukhala "kwanu" osakhudza mawu ena. Kungoti "konza Chichewa" kumachititsa kuti alembenso zonse, ndipo zolakwika zatsopano zimalowa momwe mudali bwino. Pa uthenga waufupi, kukonza ndi dzanja n'kwachangu kuposa kubwerezabwereza malangizo. Makinawa amasiyana luso, amasinthidwa pafupipafupi, ndipo langizo limodzi likatumizidwa kawiri limatha kubala mayankho awiri osiyana, choncho yankho limodzi labwino si umboni wakuti lotsatira lidzakhalanso labwino. Pa zolembedwa zomwe kulakwa kwake kungavulaze munthu, monga kamwedwe ka mankhwala, mgwirizano wa ngongole kapena kalata ya za malo, pamafunika munthu wachiwiri wodziwa Chichewa ndi nkhaniyo kuti awerenge asanazitumize, ndipo awerenge asanauzidwe zomwe wolembayo ankafuna kunena.